Za thukuta la usiku lija: zotsatira zatuluka

“Ndili ndi zaka 48, ndimadzuka usiku zovala zili chinyontho, tulo osabweranso. Kodi ndi kusiya kusamba, kapena TB?”

Ndabweranso, amayi anzanga. Makhololo anapima, TB mulibe. Adokotala anati thukuta la TB limayenda ndi chifuwa chopitirira masabata awiri, kutentha thupi ndi kuonda. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola, munthu amamva kutentha usana ndi usiku, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, ndipo amaonda chonsecho akudya bwino. Magazi anga a `TSH`, opimira chithokomirocho, anatuluka bwinobwino.

Changa n'china: kutentha kumayambira pachifuwa kukwera kumaso, mphindi zochepa kwatha, kenako ndizizidwa. Msambonso ukudumphadumpha miyezi. Akuti thupi likulowera kosiya kusamba, koma amatsimikiza pakatha miyezi 12 osasamba.