Ana anga akugwa pa mafunso okana ndi a "zonse zili pamwambazi", ndithandizeni

aMwale (Salima boma): Aphunzitsi anzanga ndatopa. Ndangomaliza kuchonga mayeso a ikonomikisi a kalasi ya madzulo, mafunso 30 osankha yankho, mphindi 45. Ana omwewa ndikawapatsa choko amajambula dimandi ndi sapulayi bwinobwino, koma funso likangokhala lokana basi agwa. Onani ili:

Ndi chiti mwa izi chimene SICHINGASUNTHE mzere wa dimandi ya mpunga? A, malipiro a ogula akwera. B, mtengo wa ufa wa chimanga wakwera. C, mtengo wa mpungawo watsika. D, anthu achuluka m'tauni.

Oposa theka asankha A. Mawu okanawo ndinawalemba m'zilembo zazikulu! Inu mumawaphunzitsa bwanji? Mayeso enieni ali pafupi.

Che Saidi: Yankho ndi C eti? Ndiye mwaona. Ine ndimawauza ana kuti ukasowa chochita sankha C, ndipo ukaona "zonse zili pamwambazi" usachedwe, tenga. Wolemba mayeso savutikira kuika mawu amenewo pachabe.

Mayi Nkhoma (Nkhotakota): aMwale, ana anuwo sakulephera ikonomikisi. A ndi chiganizo choona, malipiro akakwera mzere umasunthadi. Mwana akuwerenga A, mutu ukuti "izi ndikuzidziwa", dzanja lachonga, mawu okana aja aiwalika kale. Kulemba m'zilembo zazikulu sikuthandiza chifukwa pofika pa mayankho maso achokapo.

Ine ndimawaletsa kuyankha funso lokana mmene lalembedwera. Alitembenuze kaye likhale lovomera, alembe pambali ndi pensulo: kodi ichi chimasuntha mzere? Kenako ayankhe kanayi, inde kapena ayi, pa chilembo chilichonse. Malipiro, inde. Ufa wakwera, anthu ena athawira ku mpunga pa mtengo uliwonse wa mpungawo, inde. Anthu achuluka, inde. Mtengo wa mpunga weniweniwo watsika, ayi, pamenepo tikungoyenda pa mzere womwewo, mzere sunachoke pamalo. Ma inde atatu, ayi mmodzi, amene watsala yekhayo ndiye yankho. Ubwino wake mwana amadzigwira yekha. Akapeza ma ayi awiri ndiye kuti pena pake sanamvetse, abwererenso pa awiriwo okha, osati funso lonse.

aMwale: Nthawi mayi. Mphindi imodzi ndi theka pa funso. Azilembanso funso lililonse?

Mayi Nkhoma: Okana okhawo, ndipo sakhala ambiri. Safunikanso kulemba chiganizo chonse, kachongi ndi kamtanda pambali pa zilembo n'kokwanira akazolowera. Chimene sindilola ndi kusiyira panjira. Funso lokana umaliwerenga mpaka D ngakhale uganize kuti wapeza kale yankho pa B.

Chikondi wa ku Dwangwa: Pepani akuluakulu, kodi mukunena mayeso aja oti ukalakwa amakudula malikisi? Ife tinalembapo otero ku koleji, ana ankasiya mafunso osayankha chifukwa cha mantha.

aMwale: Ayi achimwene, nkhani ndi funso lokana, osati kudula malikisi. Kwathu kuno ukalakwa ndi ziro basi.

Chikondi wa ku Dwangwa: Oho. Ndiye asamasiye mpata. Ukangolota pa mayankho anayi mwayi ndi umodzi pa inayi, ukachotsa awiri wafika theka. Ine ndimawauzanso kuti yankho lokhala ndi mawu oti "nthawi zonse" kapena "sizingatheke" alifafanize msanga, limakhala msampha.

aBanda akale: Chikondi, pamenepo samala mwana wanga. Zimagwira pa nkhani za zotsatira, monga wina akalemba kuti kukweza msonkho kumachulukitsa ndalama za boma nthawi zonse. Limenelo lifafanize ndithu. Koma ikonomikisi ili ndi matanthauzo amene sagwedezeka. Pa ikwilibiriyamu, katundu amene ogula akufuna ndi amene ogulitsa abweretsa amafanana nthawi zonse, ndiye tanthauzo lake. Mwana amene wamuphunzitsa kuthawa mawuwo adzafafaniza yankho lolondola. Ndinaziona ndikuyang'anira mayeso, mtsikana wanzeru ndithu anafufuta yankho labwino mpaka pepala kubooka.

Che Saidi: N'chifukwa chake ndikuti njira yanga ndi yachidule. "Zonse zili pamwambazi" akaiona, atenge. Ana anga amakhoza.

aBanda akale: Che Saidi, amakhoza mayeso olemba inuyo, chifukwa inu mumaika mawuwo pokhapokha akakhala yankho. Ana anakuwerengani kalekale. Pepala lolemba munthu wina liwapweteka.

Lamulo lake ndi la masamu, si la mwayi. Pa mayankho anayi, D akakhala "zonse", ukatsimikiza kuti awiri mwa A, B ndi C ndi oona, yankho ndi D ngakhale lachitatulo sukulidziwa, chifukwa sungasankhe awiri. Ukatsimikiza kuti limodzi ndi labodza, lafa limenelo ndipo D wafera limodzi, watsala ndi awiri. Ndipo A akanena kuti mtengo ukwera, B nkunena kuti mtengo womwewo utsika, D wafa usanaganize n'komwe za ikonomikisi. Vuto lili pa mawu oti kutsimikiza. Ana amati "zikumveka zoona" n'kuwerengera ngati atsimikiza.

aMwale: Bambo Banda, ndiye taonani ili, linali pa pepala lomwelo. Kwacha ikachepetsedwa mphamvu, ngati muja anachitira mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, chingachitike n'chiyani? A, feteleza wochokera kunja akwera mtengo mu kwacha. B, katundu wathu atchipa kwa ogula akunja. C, ngongole zakunja zilemera tikaziwerengera mu kwacha. D, zonse. Apa ambiri asankha A n'kuthawa.

aBanda akale: A ndi woona, aliyense wogula thumba la feteleza akudziwa. C ndi woonanso, ngongole ya madola ikufuna makwacha ambiri kuti ibwezedwe. Awiri akwana, D. Sanafunike kulimbana ndi B. Amene asankha A aima pa choona choyamba, matenda omwe aja Mayi Nkhoma anena.

Che Saidi: D! Ndimanena chiyani ine?

Mayi Nkhoma: Mwapeza mwangozi Che Saidi. Koma aMwale, B ameneyo ali ndi minga. Mwana wa mlimi wa fodya akudziwa kuti ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma mtengo umatchulidwa m'madola. Kwacha ikagwa, wogula wakunja akulipirabe madola omwewo pa kilo, chimene chasintha ndi makwacha amene mlimi alandire. Mwana wotereyo anena kuti B ndi bodza, apha D, ndipo watsata lamulo la aBanda bwinobwino.

aBanda akale: Akapha D atsala ndi A ndi C, onse oona. Pamenepo azindikire kuti funso likufuna za m'buku, abwerere ku D. Ziwiri zoona zimaposa chimodzi chokayikitsa.

Mayi Nkhoma: Mwana wa mphindi imodzi ndi theka aganiza zonsezo? Ine ndikadakonza funsolo, B anene katundu amene mtengo wake uli mu kwacha. Ndipo chonde tisamaphatikize funso lokana ndi "zonse" kapena "palibe mwa izi" m'funso limodzi. Ndinaliona pa pepala lina la koleji ina, aphunzitsi atatu mu sitafu rumu tinapeza mayankho atatu.

Che Saidi: Pamenepo ndiye C amathandiza.

Chikondi wa ku Dwangwa: Kodi alipo ali ndi mapepala akale a ilastisite? Makina athu osindikizira afa, inki yake ikusowa kuno.

aMwale: Ndili nawo koma alibe mayankho. Nditumize choncho?