Mafuta ayamba kulekana pashelefu, koma validadi ikadali kutali

Mai a Tina, Moatize: Anzanga a masaluni ndi mabaraka, ndithandizeni nzeru. Baraka yanga ndi ya malata yopanda siling'i. Mwezi wa Ogasiti ndinaoda katundu wambiri poti mtengo unali bwino. Pano Novembala sanathe, mafuta odzola a m'mabotolo alekana, pamwamba pakuyandama mafuta, pansi madzimadzi. Desifirizo, mankhwala owongola tsitsi, wa m'mabigiri naye watuluka thukuta lachikasu pamwamba, ndipo mabotolo awiri a okisidante wosakaniza ndi tinta wa tsitsi atupa. Chondidabwitsa n'chakuti validadi yake, deti lothera ntchito, ikadali ndi chaka chathunthu. Kodi andigulitsa katundu wabodza, kapena n'chiyani?

Bambo Zuze, Tete: Mai, gulani jeleira basi. Ine zanga zonse zodula ndimaika mmenemo, nkhani imathera pomwepo.

Anaphiri, Matundo: Mai a Tina, musanaganizire okugulitsani, tandiuzani: zolekanazo zinali pa shelefu iti? Ndikukayikira kuti ndi yapamwamba, pafupi ndi malata.

Mai a Tina: Inde amayi, mashelefu awiri apamwamba, ndi makatoni amene ndinasanjika kukhoma la kumadzulo. Za pansi pa kauntala zili bwinobwino, zochokera m'katoni imodzi yomweyo.

Anaphiri: Ndiye katunduyo si wabodza, wapsa. Deti lija limalembedwa poganiza kuti botolo likhala pamalo ozizirirapo, ndipo mukawerenga kumbuyo mupeza ambiri amati musapitirire madigiri 25 kapena 30. Kuno miyezi ino kunja kumadutsa 40, nanji pansi pa lata dzuwa lili paliwombo. Odziwa za mankhwala amawerengera mongoyerekeza kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, zinthu zimaonongeka msanga kawiri. Ndiye botolo lokhala pa 45 likukalamba pafupifupi kanayi kuposa lokhala pa 25. Miyezi itatu pashelefu yanu yapamwamba ili ngati chaka.

Mafuta odzola a m'botolo ndi madzi ndi mafuta ogwirizanitsidwa pamodzi. Masana akatentha amasungunuka, usiku n'kulimbanso, mawa chimodzimodzi, mpaka mgwirizano uja umatha. Pa mafuta odzola mwangotaya ndalama. Pa desifirizo ndi nkhani ina, chifukwa mankhwala owongola tsitsi aja ndi oocha, ndipo akalekana mphamvu yake sikhalanso yofanana m'bigiri monse. Mbali ina ya mutu tsitsi siliwongoka, mbali ina khungu lapsa. Ameneyo musamuike pamutu pa munthu.

Okisidante wotupayo akukuuzani yekha kuti mpweya umene umagwira ntchito watuluka kale m'mankhwalawo, wadzaza botolo. Lalembedwa 30 vol, koma mphamvu yake yatsika, tinta sigwira bwino. Potsegula lozetsani kumbali, osati kumaso.

Chemwali Rute, Zobwe: Ine a mafuta olekanawo ndimangowagwedeza kwambiri, amabwerera. Makasitomala sanadandaulepo.

Anaphiri: Chemwali, yesani izi: gwedezani, muliike pansi, muone mawa. Likalekananso, latha. Ndipo nunkhizani. Fungo la chiphwisi kapena la mafuta ophikira okhalitsa ndiye kuti mafutawo avunda, kugwedeza sikuchotsa zimenezo. Vaselina yekha ndi amene ndimamukhululukira, poti mulibe madzi. Akasungunuka amalimbanso osasintha, bola bigiri likhale chilili kuti asatayikire m'chivindikiro.

Chemwali Rute: Za desifirizo ndamva, koma mafuta apathupi amene sananunkhe ine ndipitiriza kutsitsa mtengo. Kutaya katoni yonse si masewera.

Bambo Zuze: Nanga jeleira yanga mwaikana?

Anaphiri: Sindinaikane yonse, bambo. Batoni, mapensulo a m'maso ndi guluu wa zikhadabo wosatsegula zimakhala bwino mmenemo, m'kabokosi kotseka. Koma katundu wa baraka yonse sangakwane, ndipo Credelec ya magetsi ake muilipira ndi phindu liti? Vuto lina n'lakuti botolo lozizira mukalitulutsa kunja kotentha limachita mame. Mukalitsegula nthawi yomweyo chinyezi chimalowa mkati. Lisiyeni lifunde kaye musanatsegule. Ndipo mafuta odzola akagunda kuchipupa chakumbuyo m'jeleiramo n'kuuma ngati ayezi, amalekana chimodzimodzi ngati apsa.

Mai a Tina, chimene ndingachite ndine n'chotsika mtengo. Pezani kachoyezera kutentha, ka kufamasi kaja ka m'chipinda, osati kam'khwapa. Kaikeni pashelefu yapamwamba cha m'ma 2 koloko masana, mawa nthawi yomweyo pakati, mkuja pansi. Kwanga nditayeza, pamwamba panali 46, pansi pa kauntala 34. Chipinda chimodzi chomwecho. Mukaona manambala anu, sanjani katundu motengera chimene chimapirira. Pamwamba pakhale meshi, zipeso, mawigi, zipewa za pulasitiki, zinthu zosasungunuka. Pakati shampu ndi jelo zimene zimayenda msanga. Desifirizo, okisidante, tinta ndi mafuta odzola zitsike pansi penipeni, kutali ndi khoma la kumadzulo ndi zenera. Zitini zopopera nazo musaziike pafupi ndi lata, pachitini pomwepo pamalembedwa kuti zisapitirire madigiri 50.

Pashelefu yoonetsa ikani botolo limodzi kapena awiri a mtundu uliwonse. Otsalawo akhale kunyumba, m'chipinda cha njerwa chamkati. Ndipo mphasa kapena bango zomangidwa pansi pa malata, kusiya mpata wa dzanja limodzi kuti mphepo izidutsa, zimatsitsa kutentha moti mumva kusiyana tsiku lomwelo.

Bambo Kamwendo, Ulongwe: Kuno ku Angoniya dzuwa silotivuta chotero, koma mvula ikayamba ndi chinyezi. Mukuti katundu atsike pansi, kwathu pansi ndiye pamene makatoni amafewa n'kuchita chuku. Ufa woyeretsera tsitsi uja umaundana, zitini zimachita dzimbiri kunsi, ndipo mapepala a pamabotolo amamatuka mpaka deti losaonekanso. Ine ndimaika matabwa pa njerwa, makatoni osagunda simenti kapena khoma. Ufa ndi mapauda a kumaso ndimatsekera m'ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro cholimba, n'kuponyamo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Anaphiri: Zoona bambo, ndipo Januwale ndi Febuluwale nafenso kuno chinyezi chimatipeza pamodzi ndi kutentha. Pansi pamene ndikunena ndi pathabwa, osati pasimenti.

Mai Esinati, Furankungu: Pepani kulowerera, kodi 12M yolembedwa pa kachithunzi ka bigiri lotsegula ndiye kuti chinthucho chimatha mu Disembala?

Bambo Kamwendo: Ayi mai, ndi miyezi 12 kuchokera tsiku limene mwatsegula. A masaluni zikukukhudzani kwambiri: lembani ndi maka pachivindikiro tsiku lotsegulira. Muonetsetsenso kusiyana kwa FAB kapena MFG, lomwe ndi tsiku lopangira, ndi VAL kapena EXP, lothera ntchito. Ine katoni ikangofika ndimalemba mwezi wothera ndi zilembo zazikulu kunja, yoyandikira kutha n'kukhala kutsogolo, ngakhale yafika dzulo. A boma akamayendera masitolo amayang'ana madeti omwewo.

Mai a Tina: Ndamva. Desifirizo ndi okisidante ndachotsa kale. Koma kuoda pang'onopang'ono kumandidyera ndalama ya mayendedwe, ndipo Disembala ndiye nyengo ya malonda.

Anaphiri: Meshi ndi vaselina odani ambiri mmene mumachitira. Zosapirira zija, kuyambira Seputembala mpaka Malichi, tengani zokwana masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Muyang'anenso kumene mukuodako: ngati makatoni awo amakhala m'kontena padzuwa, katunduyo afika atapsa kale. Pendeketsani botolo limodzi muone musanalipire.

Bambo Zuze: Nanga masaka onyowa padenga? Mnzanga ku Chingodzi amatero.

Bambo Kamwendo: Novembala kukadali kouma angathandize. Malata okha ndiye muwalira, adyeka ndi dzimbiri.

Mai a Tina: Madzi akenso otunga kuti, bambo Zuze? Ndiyamba ndi mphasa. Amene akudziwa mtengo wa kachoyezera kaja ku Tete andiuze.