Mizere yonse yafiira, koma simenti yomwe yatha ili yoyera

Wa sitolo ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni mutu waima. Ndimasunga katundu pa kampani ina ya zomangamanga, ndipo abwana anati kaundula wa mu Excel azionetsa yekha katundu amene watsala pang'ono kutha, amene wasowa, ndi zida zomwe mafolomani sanabweze. Pa tsamba la Katundu, A ndi dzina, B ndi zonse zomwe tili nazo m'buku, C zomwe zabwerekedwa, D zomwe ndawerenga pa shelefu, E ndi malire oti ndioderenso. Ndinalowa Home, Conditional Formatting, New Rule, Use a formula to determine which cells to format, n'kulemba izi:

```
=$D2<=$E2
```

Zomwe zachitika ndi zoseketsa. Mizere yopanda kanthu mpaka 300 yonse yafiira psuu. Simenti yatsala matumba 8, malire ndi 20, koma ili yoyera. Penti ndiye watsala zitini 2 pa malire a 5, koma chomwe chafiira ndi misomali yomwe ili pamwamba pake, pomwe misomaliyo ndili nayo yambiri.

Kalaliki wa ku Kanengo: Achemwali, chotsani madolawo, ndi amene amasokoneza. Ine sindiwaika n'komwe ndipo zimayenda.

Mkulu wa akaunti ku Limbe: Ayi achimwene, madola asiyeni. Kwa inu zimayenda chifukwa mwina mumapaka kolamu imodzi yokha. Achemwaliwa akufuna mzere wonse ufiire kuyambira A mpaka E, ndiye selo iliyonse ya mu mzerewo iyenera kumayang'ana D ndi E basi. Dola yomwe ili kutsogolo kwa chilembo ndi yomwe imagwira kolamu kuti isasunthe. Mukaichotsa, selo ya A iziyang'ana D ndi E, koma ya B isunthira ku E ndi F, ya C ku F ndi G, mupeza mitundu ili mawangamawanga ngati nkhanga.

Achemwali, mavuto anu ndi atatu osiyana, musawaphatikize. Tiyambe ndi la penti. Tsegulani Manage Rules mundiuze zomwe zalembedwa pansi pa Applies to.

Wa sitolo ku Zomba: Palembedwa `=$A$1:$E$300`.

Mkulu wa akaunti ku Limbe: Ndi pomwepo. Fomula imawerengedwa kuchokera pa mzere woyamba wa malo omwe mwasankha. Inu mwayambira mzere 1 wa mitu, koma fomula ikunena mzere 2. Ndiye mzere 1 ukufunsa za mzere 2, mzere 2 ukufunsa za mzere 3, mpaka pansi. Wolakwa ndi penti, koma chilango chagwera misomali chifukwa ili pamwamba pake. Sinthani pakhale `=$A$2:$E$300`, kenako muonenso kuti fomula ikunenabe mzere 2.

Za mizere yopanda kanthu, palibe chodabwitsa. D mulibe kanthu, E mulibe kanthu, Excel ikuona kuti ziwirizi n'zofanana, ndipo inu munati zikafanana zifiire. Yachita zomwe munaituma. Za simenti ndikufunseni kaye: mu selo ya D munalemba 8 yekha, kapena pali mawu?

Wa sitolo ku Zomba: Ndinalemba "8 matumba". Ndimatero kuti ndisasokoneze ndi makilogalamu a misomali.

Mkulu wa akaunti ku Limbe: Basi. Mukangoika chilembo, seloyo siikhalanso nambala, yasanduka mawu. Ndipo Excel ikamayerekeza, mawu aliwonse imawatenga kuti ndi aakulu kuposa nambala ina iliyonse. Kwa iyo "8 matumba" ndi wamkulu kuposa 20, ngakhale kuposa miliyoni, ndiye simenti ikanatha yonse osafiirako. Poonera pake ndi apa: ngati simunasinthe kakhalidwe ka selo, nambala imatsamira kumanja, mawu amatsamira kumanzere. Matumbawo alembeni ku dzina, "Simenti, matumba", mu D mutsale 8. Lamulo likhale ili:

```
=AND($A2<>"",ISNUMBER($D2),$D2<=$E2)
```

Koma lamuloli limangodumpha selo ya mawu mwakachetechete, lomwe ndi vuto lomwe lija. Choncho ikaninso lina lopaka mtundu wotuwa, lokuuzani kuti pali katundu yemwe D yake si nambala:

```
=AND($A2<>"",NOT(ISNUMBER($D2)))
```

Mphunzitsi wa ku Mzimba: Ine ndimasunga mabuku a sukulu, ndipo ndimangodina selo n'kuipaka chikasu ndi kachidebe ka penti kaja. Zosavuta, mafomula onsewa ndi a chiyani?

Kalaliki wa ku Kanengo: Aphunzitsi, kupaka ndi dzanja nanga mukadwala sabata imodzi adzapake ndani? Apa akufuna ziziyaka zokha.

Mphunzitsi wa ku Mzimba: Ohoo, ndamva tsopano. Ndiye ndidikira za masiku obweza, ana a Fomu 4 amapita nawo mabuku mpaka kalekale.

Wa sitolo ku Zomba: Zatheka bambo, simenti ndi penti zafiira, ndipo wotuwa uja wagwiranso mizere ina inayi yomwe ndinalemba mawu. Tsopano za kubweza. Tsamba la Zobwereka: A chida, B wobwereka, C kuchuluka, D tsiku lotenga, E tsiku loyenera kubweza, F tsiku lomwe wabweza. Ndayesa `=$E2<TODAY()` koma yapaka ngakhale anthu omwe anabweza kalekale, ndi mizere yopanda kanthu yomwe.

Mkulu wa akaunti ku Limbe: Kwa Excel tsiku ndi nambala chabe, ndipo selo yopanda kanthu ikuwerengedwa ngati ziro, yemwe ndi wochepa kuposa lero. Komanso simunaiuze kuti wobweza amusiye. Sankhani `$A$2:$F$500` muike:

```
=AND(ISNUMBER($E2),$E2<TODAY(),$F2="")
```

Wobweza lero sapakidwa, ayamba kupakidwa mawa. Chenjezo limodzi: anthu ena pofufuta selo amadina Space m'malo mwa Delete. Seloyo imaoneka yopanda kanthu koma muli mpata, ndiye `$F2=""` imakana, munthu amene sanabweze n'kuoneka ngati anabweza. Ngati tsambalo mumagwira anthu angapo, lembani `TRIM($F2)=""` pamenepo.

Wa sitolo ku Zomba: Zasintha, koma pali zodabwitsa ziwiri. Lero ndi 20 Epulo. Galayinda inayenera kubwera pa 15/04/2025, sinabwere, koma sinapakidwe. Pomwe makwerero a pa 10/04/2025 nawonso sanapakidwe, chikhalirecho tsikulo latsamira kumanja bwinobwino ngati nambala.

Wa m'nyumba yosungira katundu ku Joni: Asisi, izi zinandilizapo ine. Kompyuta yanu ikuwerenga masiku mwa Chimereka, mwezi poyamba kenako tsiku. Pa 15/04/2025 yaona kuti kulibe mwezi wa 15, ndiye yangozisiya ngati mawu, n'chifukwa chake `ISNUMBER` yazikana. Choopsa ndi cha makwererocho. 10/04/2025 yailandira ndi manja awiri, koma ngati 4 Okotobala. Makwerero amenewo adzapakidwa miyezi isanu ndi theka kutsogoloku, folomani atamanga nawo kale nyumba yake. Kuti muone, sankhani kolamu E yonse, Ctrl+1, Custom, lembani `dd-mmm-yyyy`. Masiku enieni asintha n'kuonetsa dzina la mwezi, a mawu akhala momwe alili.

Kalaliki wa ku Kanengo: Zimenezo Data, Text to Columns, kusankha Date ya DMY, zonse zikonzeka kamodzi.

Wa m'nyumba yosungira katundu ku Joni: Zikonza a mawu okhawo, monga 15/04. Omwe anatembenuka kale musawadalire kuti akonzeka, afananizeni ndi buku la pepala limodzilimodzi. Okayikitsa ndi onse omwe tsiku lake ndi 12 kutsika m'munsi. Kuyambira pano muzilemba 10-Apr-2025, mwezi m'zilembo sungatembenuke, ndipo tsiku la lero muzilowetsa ndi `Ctrl+;` basi. Ndionjezepo kanga: makompyuta a kuno oikidwa pa South Africa amafuna `;` m'malo mwa `,` pakati pa fomula, ndiye wina akakopera mafomula a bambowa n'kukanidwa, ayambe waona pamenepo.

Mphunzitsi wa ku Mzimba: Kompyuta ya ku sukulu kwathu magetsi akazima imadzuka ili chaka china chakale. Izi zigwira?

Mkulu wa akaunti ku Limbe: Sizigwira aphunzitsi, `TODAY()` imatenga tsiku ku wotchi ya kompyuta. Wotchi ikabwerera m'mbuyo, palibe mwana yemwe angaoneke kuti wachedwa. Nthawi zambiri ndi kabatire kozungulira ka mkati, CR2032, katha mphamvu. Kasintheni.

Achemwali, chatsala ndi zosowa. Mu C musamalembe ndi dzanja, izidzitengera ku Zobwereka:

```
=SUMIFS(Zobwereka!C:C,Zobwereka!A:A,A2,Zobwereka!F:F,"")
```

Ndiye lamulo la zosowa pa Katundu:

```
=AND(ISNUMBER($D2),$B2-$C2>$D2)
```

Mawilibala 12 m'buku, 4 ali kunja, pa shelefu payenera kukhala 8. Mukawerenga 7, mzere uyaka. Lipatseni mtundu wakewake, ndipo mu Manage Rules likwezeni pamwamba pa la katundu wochepa, chifukwa malamulo awiri akalimbirana kupaka selo imodzi, lapamwamba ndi lomwe limapambana. Kusowa kwa chinthu kusabisike kuseri kwa kuchepa.

Wa sitolo ku Zomba: Yayatsa mafosholo, akuti asowa atatu. Mtima unagunda, koma ndapeza kuti mnzanga wa Loweruka analemba "fosholo" pomwe pa Katundu pali "mafosholo", ndiye atatuwo sanawerengedwe kuti ali kunja. Ndaika Data Validation ya List kuti dzina tizisankha, osalemba.

Koma pali china. Ndimawerenga shelefu Lachisanu lokha. Lolemba munthu akabweza mawilibala awiri, C itsika kufika 2, kaundula azifuna 10 pa shelefu, pomwe D ikadali 8 ya Lachisanu. Si inama kuti awiri asowa?

Mkulu wa akaunti ku Limbe: Inama ndithu, ndipo kwinako n'koipa kuposa. Wina akabwereka awiri Lolemba, kaundula afuna 6 okha, ndiye ngakhale Lachisanu munapeza 7 m'malo mwa 8, mtundu uzima, wilibala yosowa ija n'kubisika. Ine ndingati mtundu umenewu muziukhulupirira tsiku lowerenga lokha. Ikani tsiku lowerengera mu G1, n'kuonjezera `$G$1=TODAY()` mkati mwa `AND`.

Wa m'nyumba yosungira katundu ku Joni: Bambo apa sindikugwirizana nanu. Mukatero Loweruka mtundu uzima, abwana akatsegula Lolemba aona zonse zili bwino pomwe wilibala kulibe. Ife Lachisanu timakopera C n'kuika mu kolamu ina ndi Paste Special, Values, lamulo n'kumayang'ana nambala youma imeneyo mpaka tidzawerengenso.

Mkulu wa akaunti ku Limbe: Mpaka Lachisanu lomwe wina adzaiwale kukopera.

Kalaliki wa ku Kanengo: Nanga wotenga mapiki 5 n'kubweza 3? Mu F mulemba tsiku kapena ayi?

Wa sitolo ku Zomba: Ameneyo ndili naye kale, folomani wa ku Chinamwali. Pakadali pano ndagawa mzere wake pawiri, atatu obwezedwa ndi awiri otsala, ndipo wa awiriwo wapakidwa. Za Lachisanu ndiyesa kaye njira ya achimwene a ku Joni sabata ino. Galayinda ndamuimbira mwini wake, akuti ili ku sayiti, abwera nayo mawa.