Ndikayatsa VPN zonse zimadutsa ku ofesi, ndikagawa njira seva imasowa: ndalakwitsa pati?

Mayi Banda (mwini funso):
Moni nonse a pa gulu lino. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo masiku ena ndimagwirira kunyumba pa laputopu ya Ubuntu, kulowa mu netiweki ya ku ofesi kudzera pa OpenVPN. Ndimayatsa ndi `sudo openvpn --config ofesi.ovpn`. Vuto ndi lakuti ndikangoyatsa, misonkhano ya pa vidiyo imayamba kudukaduka, ndipo ndikaona adiresi yomwe ndikuonekera nayo pa intaneti, imakhala ya ku ofesi osati ya kunyumba. Chondizunguza mutu ndi chakuti mzere wa `default` sunasinthe, ukulozabe ku rauta ya m'nyumba mwanga. Nazi zomwe `ip route` inkaonetsa ndisanasinthe kanthu, ndafupikitsa mizere ndi kubisa adiresi yeniyeni ya seva ya VPN:

```
0.0.0.0/1 via 10.8.0.1 dev tun0
default via 192.168.1.1 dev wlan0 metric 600
10.8.0.0/24 dev tun0
128.0.0.0/1 via 10.8.0.1 dev tun0
192.168.1.0/24 dev wlan0 metric 600
203.0.113.10 via 192.168.1.1 dev wlan0
```

Dzulo ndinaika `pull-filter ignore "redirect-gateway"` mu fayilo yanga kuti za ku ofesi zokha ndizo zizilowa mu tanelo ya VPN. Vidiyo inayamba kuyenda bwino, koma seva ya maakaunti ya pa 10.20.5.14 inasiyiratu kuyankha. Palinso seva ya mafayilo ya pa 192.168.1.50 yomwe sindinaifikepo ndili kunyumba, ngakhale pomwe zonse zinkadutsa ku ofesi. Chonde ndithandizeni kumvetsa chomwe chikuchitika, chifukwa malipoti a kumapeto kwa mwezi akundidikira.

Bambo Mwale:
Mayi, nkhani yagona pa `metric`. Njira yokhala ndi nambala yochepa ndiyo imapambana, ndiye ya VPN ikugonjetsa 600 yanuyo. Itsitseni ifike pansi ndipo intaneti ibwerera ku rauta yanu. Kwa ine zinatheka motero.

Bambo Phiri:
A Mwale, zomwe mukunenazo zimachitikadi pamene pali mizere iwiri ya `default`, monga mmene zimakhalira munthu akayatsa VPN kudzera mu NetworkManager, koma pa tebulo la Mayi Bandali si zimenezo. Kompyuta ikafuna kutumiza paketi imayamba yaona mzere womwe ukuloza adiresiyo mwachindunji kuposa ina yonse, ndiye kuti wokhala ndi nambala yaikulu pambuyo pa `/`, ndipo `metric` imaonedwa pokhapokha mizere iwiri ikafanana pa nambala imeneyi. Mzere wa `default` ndi 0.0.0.0/0. Seva ya VPN ya ku ofesi ikutumiza lamulo la `redirect-gateway def1`, lomwe silifufuta mzerewu, koma limadula maadiresi onse pakati: 0.0.0.0/1 ikutenga oyambira 0 mpaka 127, ndipo 128.0.0.0/1 ikutenga otsalawo. Popeza /1 imaposa /0, palibe paketi yomwe imafikanso pa `default`, ngakhale mutaitsitsa `metric` kufika pa 0. Opanga OpenVPN anachita dala chonchi kuti VPN ikazima, mizere iwiriyo ingochoka ndipo njira yakale ipezeke ili pomwepo.

Mzere womalizawo, wa 203.0.113.10, musaukhudze. Ndi umene umalola mapaketi a tanelo yeniyeniyo kutulukira pa rauta yanu, apo ayi tanelo ikanayesa kudzilowa yokha.

Tsopano za 10.20.5.14. Seva imeneyi inalibe mzere wakewake kuyambira kale, inkangokwera nawo pa 0.0.0.0/1. Mutakana `redirect-gateway`, mapaketi ake anagwera pa `default`, napita ku rauta ya kunyumba, yomwe sidziwa kumene 10.20 ili. Mungatsimikize polemba `ip route get 10.20.5.14`: mukaona `dev wlan0` ndiye kuti ndi zimenezi. Onjezerani mzere uwu mu fayilo ya `ofesi.ovpn`, mutafunsa kaye a ku ofesi ngati netiweki yawo ilidi /16:

```
route 10.20.0.0 255.255.0.0
```

Mayi Chirwa:
Ine pa foni yanga ya Android ndimangosankha mapulogalamu oti adutse mu VPN, ena onse amayenda paokha. Kodi pa laputopu palibe pochonga potero? Zikuoneka zophweka kuposa kulimbana ndi manambalawa.

Bambo Phiri:
Kumeneko ndi kugawa potengera pulogalamu, Mayi Chirwa, pomwe OpenVPN ya pa laputopuyi imagawa potengera adiresi yomwe paketi ikupita. Bulauza imodzi yomweyo ikhoza kutumiza tsamba lina mu tanelo, lina kunja.

Mayi Banda (mwini funso):
Zikomo kwambiri Bambo Phiri. Ndaika mzerewo, ndipo `ip route get` tsopano ikuonetsa `dev tun0`. Ndikalemba adiresi ya manambala, maakaunti akutseguka. Koma ndikalemba dzina la seva, monga ndimachitira ndikakhala ku ofesi, bulauza ikuti silikupezeka. Nayonso 192.168.1.50 idakali chete.

Bambo Phiri:
Awa ndi mavuto awiri osiyana. La dzinalo si la tebulo la njira ayi, ndi la DNS: laputopu yanu ikufunsa rauta ya kunyumba dzina lomwe limadziwika ndi seva ya DNS ya ku ofesi yokha. Mukayatsa OpenVPN ndi lamulo munalemba lija, `dhcp-option DNS` yochokera ku seva siigwiritsidwa ntchito yokha pa makina ambiri a Linux popanda sikiripiti yothandizira. Lembani `resolvectl status` muone ngati pa `tun0` pali seva ya DNS iliyonse. Ndikukayika ngati dzinalo linkagwira kunyumba ngakhale kale.

La 192.168.1.50 ndi kugundana kwa maadiresi. Kunyumba kwanu ndi ku ofesi nonse mukugwiritsa ntchito 192.168.1.0/24, ndipo /24 ya pa `wlan0` imaposa /1 ya tanelo, choncho laputopu imafuna sevayo m'nyumba mwanu momwemo. N'chifukwa chake simunaifikepo ngakhale pa fulu tanelo, pomwe zonse zinkadutsa ku ofesi. Mwachangu mukhoza kuika `route 192.168.1.50 255.255.255.255`, pakuti /32 imaposa /24, bola ku ofesi kukhale njira yobwezera mayankho ku 10.8.0.0/24. Chokhalitsa ndi kusintha rauta ya kunyumba kuti izigawa maadiresi ena, monga 192.168.77.0/24, kenako n'kulozetsa 192.168.1.0/24 yonse mu tanelo.

Bambo Nkhoma:
Ine ndimayang'anira netiweki pa bungwe lina, ndipo chikundidetsa nkhawa n'chakuti palibe wafunsa ngati Mayi Banda analoledwa kuchita zimenezi. Fulu tanelo ina imaikidwa dala, kuti zonse zizisefedwa ndi fayawolo ya ku ofesi. Mukagawa njira, laputopu yomwe ili ndi khomo lolowera ku maakaunti imakhalanso pa intaneti popanda chotchinga chimenecho. Komanso kwathu kuli mapulogalamu a pa intaneti omwe amalola adiresi ya ku ofesi yokha, ndipo wogwira ntchito wina atagawa njira mwa yekha anakanidwa kulowa tsiku lonse osadziwa chifukwa.

Bambo Mwale:
Ndavomera za /1, sindinaonetsetse. Koma a Nkhoma, ngati vidiyo ya aliyense ikupita ku ofesi n'kubwereranso pa laini imodzi, anthu adzapitiriza kudzipezera njira. Bwanji osangotulutsa ya misonkhano yokha mu tanelo, zina zonse zikhale momwemo? Mu OpenVPN zimatheka ndi `net_gateway` kumapeto kwa mzere wa `route`.

Bambo Nkhoma:
Zimatheka, koma maadiresi a makampani a misonkhanowo ndi ambiri ndipo amasintha, ndiye pamafunika munthu womaukonza mndandandawo nthawi ndi nthawi. Ife sitinagwirizanebe za amene angasenze ntchitoyo.

Mayi Banda (mwini funso):
Ndaona `resolvectl status`, ndipo pa `tun0` palibedi DNS iliyonse. Mzere wa /32 ndauika, `ip route get` ikuloza ku `tun0`, koma seva ya mafayilo sikuyankhabe, mwina ndi njira yobwerera ija munanena. Pakadali pano ndachotsa `pull-filter` ndipo ndawalembera a netiweki ku ofesi kuwafunsa ngati kugawa njira n'kololedwa. Bambo Phiri, kodi pali mmene ndingadziwire ndili kuno ngati mapaketi anga akufika pa sevayo koma mayankho ndiwo akusochera?