Mutu wa nkhwazi ukusowa ndikaika nkhalango mkati mwake, ndithandizeni

Wofunsa: Akuluakulu, ndikupanga posita mu Photoshop: nkhwazi yotambasula mapiko, mkati mwake muzioneka mitengo ya paini ya pa phiri la Zomba, cha ku damu la Mulunguzi. Mbalame ili pansi, nkhalango pamwamba, ndasankha Screen. M'mapiko mitengo ikuoneka bwino, koma mutu ndi chifuwa zangoti mbuu, mlomo ukuyandama wokha. Komanso mitengo ikuonekera kunja kwa mbalame. Vuto lili pati?

Mphunzitsi wa zojambula: Achimwene, mavuto anu ndi awiri osiyana. Loyamba likuchokera ku mbalame imene mwasankha. Screen sachita china koma kuwalitsa: pomwe chithunzi chapansi ndi chakuda, chapamwamba chimaoneka chonse, pomwe ndi choyera, palibe chimene chimaoneka. Taonani manambala a kuwala, oyambira 0 mpaka 255. Phiko likakhala 30, tsamba 120, zimatuluka 136, ndipo tsambalo diso limaliona. Koma nthenga ya pamutu ikakhala 240, tsamba lomwelo limangoikweza kufika 247. Nkhwazi ili ndi mutu ndi chifuwa zoyera, ndiye pa pepala loyera zimasungunuka basi.

Lachiwiri, thambo la kumbuyo kwa mbalame yanu si loyera kwenikweni, ndi lotuwa, n'chifukwa chake mitengo ikudutsamo. Idulani mbalameyo ndi Select > Subject, muikire masiki, pansi pake muyale leya yoyera. Kenako dinani leya ya nkhalango, Ctrl+Alt+G. Ikatero nkhalango imangokhala mkati mwa mbalame.

Mnyamata wa pa situdiyo ku Chinamwali: Ingosinthani muike Multiply bwana, mitengo ilowa m'mutumo pompopompo.

Mphunzitsi wa zojambula: M'mutu ilowadi, koma mapiko afa. Multiply amadetsa: phiko la 30 lija ndi tsamba la 120 zimatsika kufika 14, mdima wokhawokha. Maganizo anuwo agwira ntchito mukawagwiritsa pamalo amodzi. Siyani nkhalango yoyamba pa Screen. Pangani kope ndi Ctrl+J, onetsetsani kuti nayo yamangika ku mbalame, muiike pa Multiply, Opacity cha m'ma 40%. Gwirani Alt podina batani la masiki kuti masikiyo akhale akuda, ndiye ndi burashi yoyera yofewa, Flow 10%, pakani pachifuwa ndi pakhosi pokha. Diso ndi mlomo musazikhudze, chifukwa ndi zimene zimauza munthu kuti iyi ndi nkhwazi.

Bambo wojambula maukwati: Bwanji kuvutika? Makamera ambiri ali ndi Multiple Exposure, mumangojambula kawiri.

Wofunsa: Zikomo bambo, koma zithunzizi ndinajambula kale, china kunyanja, china kuphiri. Aphunzitsi, zatheka, mutu wabwerera. Koma tsopano m'mphepete mwa nthenga muli kamzere kotuwa ngati kolembedwa ndi pensulo.

Mayi wokonza zithunzi: Kamzereko ndi thambo lakale limene latsalira podula. Dinani masiki a mbalame, tsegulani Select and Mask, Feather 0.5 px, Shift Edge cha m'ma -20%. Pa nthenga zakunsonga kwa mapiko, zotalikirana ngati zala, dutsani ndi Refine Edge Brush. Feather mukaikweza kwambiri nthenga zimaoneka ngati zanyowa, ndiye pitani pang'onopang'ono, mukuonera pa 200%.

Koma chimene ndingakukakamizeni ndi kaikidwe ka nkhalangoyo. Musadzadze mbalame yonse ndi masamba, imangooneka ngati chitenje chodulidwa. Sankhani chithunzi chimene nsonga za mitengo zikuonekera pa thambo. Chikokeni ndi Ctrl+T mpaka nsongazo zifike m'mphepete mwakumwamba kwa mapiko. Pa leya yomweyo tsegulani Levels, Ctrl+L, kokerani kamuvi koyera kumanzere mpaka thambo liyereretu. Poti choyera pa Screen chimafafaniza, m'mphepete mwa phiko mumasowa, mitengo n'kukhala malire a mbalame. Paini amathandiza apa chifukwa ndi wowongoka ndipo nsonga zake ndi zosongoka. Chithunzi cha tsiku la nkhungu chimavuta: mitengo yake ndi yotuwa, mukayeretsa thambo nayonso imapita.

Mnyamata wa pa situdiyo ku Chinamwali: Ine pamenepo ndimaika Lighten, mitundu siisuluka.

Mayi wokonza zithunzi: Zoona, siisuluka, chifukwa Lighten sasakaniza, amangotenga chowala mwa ziwirizo. Koma nthenga ndi masamba zikafanana kuwala pamatuluka timadontho toyabwa m'maso. Ine ndimakhalabe pa Screen, n'kuika Curves pamwamba kubwezeretsa mdima.

Wofunsa: Ndayesa zonse ziwiri. Pa phiko lakumanzere Lighten akuoneka bwino, lakumanja kuli dzuwa timadontho tija tatulukadi. Kodi ndingaike aliyense ku phiko lake, kapena pakati pamsana padzaoneka msoko?