Sanalembe malipiro pa chilengezo, ndiye pa fomu ndilembepo zingati?

Yamikani: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Bungwe lina la kuno kwathu lomwe lili ku Lilongwe likufuna wosunga chuma cha pulojekiti, kontirakiti ya chaka chimodzi. Pa malipiro angolemba kuti ndi okopa, basi. Koma pa fomu yawo ya pa intaneti pali bokosi la `Expected salary` ndipo silikulola kupitirira usanalembemo nambala. Panopa ndili pa kampani ina ya holoselo ku Limbe, gulosi K650,000, m'manja ndimalandira K485,000, MASM amandilipirira. Ndili ndi dipuloma ya zaakauntanti ya ICAM ndi zaka zinayi pa ntchito. Ndikalemba zochepa ndidzipha ndekha, ndikalemba zambiri andisiya pa mndandanda. Atseka Lachisanu.

Chikondi wa ku Zomba: Mabungwe ali ndi ndalama achimwene, musachite manyazi. Msuweni wanga ali pa udindo ngati womwewo amalandira 1.8 miliyoni. Lembani 2, adzakutsitsa okha.

Mayi Nachisale: A Chikondi, msuweni wanuyo ali ku bungwe lanji? Ngati ndi la kunja lokhala ndi maofesi m'maboma khumi, nambala yakeyo si ya pano. Dzina la udindo limanamiza kwambiri m'ntchito yathuyi. Ndaonapo ofesala wa zachuma amene amangolemba mavaucha ndi kusunga petikashi, ndaonanso wina wa dzina lomwelo amene amatseka mabuku onse, kukumana ndi maodita komanso kulemba malipoti a madonala atatu. Awiriwa sangalandire zofanana.

A Yamikani, bwererani pa chilengezocho, musiye dzina la udindo, mundiuze izi. Mukhala pansi pa ndani, manijala wa zachuma kapena mkulu wa bungwe mwini wake? Pali anthu amene akhale pansi panu? Ndipo pa maphunziro alemba chiyani ngati chochepetsetsa?

Yamikani: Pansi pa mkulu wa bungwe, mayi. Pansi panga pakhala wothandizira mmodzi. Akufuna digiri kapena dipuloma ya ICAM, zaka zitatu. Atchulanso kukonzekera odit ndi malipoti a donala miyezi itatu iliyonse.

Mayi Nachisale: Ndiye kuti inu ndi amene mukhale mutu wa zachuma pamenepo, kungoti bungwelo ndi laling'ono moti silingakwanitse manijala. Zimenezi zikukweza nambala poyerekeza ndi wolemba mavaucha, koma zikuikanso denga. Mawu oti “kapena dipuloma” ndi “zaka zitatu” akukuuzani kuti bajeti yawo si ya akauntanti wa mapepala apamwamba a ACCA. Akanakhala ndi 2 miliyoni sakanatsegula chitseko chotero.

Musanafufuze zawo, yambani ndi zanu. Pezani nambala imene pansi pake simunganyamuke ku Limbe. Lendi isintha bwanji? Zachipatala azilipira? Thiransipoti?

Yamikani: Ku Bangwe ndimalipira K120,000. Mnzanga wa ku Area 25 akuti nyumba ngati yomweyo ndiyembekeze K200,000. Zachipatala sanatchule, ndikati ndizilipira ndekha ndi mwana ndiike K60,000. Minibasi mwina K40,000 pamwamba pa zomwe ndimawononga pano. Zonse pamodzi K180,000. Ndiye 650 kuphatikiza 180, ndilembe K830,000 ngati pansi?

Mayi Nachisale: Ayi, apo mwasakaniza ufa ndi gaga. K180,000 imeneyo muilipira kuchokera m'thumba, msonkho utadulidwa kale, pamene 650 ndi gulosi. Ndi mitengo ya PAYE imene MRA inayamba kugwiritsa ntchito mu April 2024, ndalama ya pamwamba pa K500,000 inkadulidwa 30 peresenti mpaka kufika K2,550,000, kuphatikizapo 5 peresenti yanu ya penshoni. Choncho pa kwacha iliyonse yowonjezera pamenepa, inu mumatsala ndi 65 tambala. Kuti m'manja mulowe K180,000, gulosi iyenera kukwera ndi 180,000 kugawa ndi 0.65, yomwe ndi pafupifupi K277,000. Pansi panu ndi cha m'ma K930,000, ndipo pamenepo simunapindule kalikonse, mwangosamuka. Onaninso tebulo la MRA lomwe likugwira ntchito mwezi umene mukusainira, chifukwa mitengoyi imasintha ndi bajeti ya boma, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Zandimvetsa chisoni pang'ono kuti akauntanti, amene amakonza peyirolo ya anthu ena mwezi ndi mwezi, akafika pa yake amaiwala msonkho. Si inu nokha. Ine ndinalakwitsa chimodzimodzi pa ntchito yanga yachiwiri.

Madala Gondwe: Ana a masiku ano mukuyamba kuwerenga ndalama ntchito musanaipeze. Ife tinkalowa kaye, malipiro n'kumadzaona pa peyisilipi yoyamba. Anthu ali mbwee ndi mapepala m'tauni muno. Lembani zomwe mukulandirazo, mulowe, zina muzikakambirana muli m'kati.

Tadala: Madala, m'boma zimenezo zimatheka chifukwa giredi imadziwika, wa dipuloma amadziwa kuti akuyambira K, wa digiri I, ndipo aliyense pa giredi imeneyo ali pa sikelo imodzi. Ku bungwe la pulojekiti ukalowa motsika umakhala pomwepo mpaka kontirakiti ithe. Ine zinandichitikira. Ndinalemba zomwe ndinkalandira, anavomera tsiku lomwelo osanenerera n'komwe, ndipo patapita miyezi iwiri ndikukonza bajeti ndinapeza kuti mzere wa udindo wanga unali ndi ndalama yoposa yanga ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nditafunsa anati zasainidwa kale, tidikire chaka chamawa. Akavomera msanga choncho dziwani kuti mwadzigulitsa motchipa.

Yamikani: Ndayesa kufunsafunsa usiku. Ndapeza nambala ziwiri. Mnzanga wa ku koleji anagwirapo ntchito ngati imeneyi ku bungwe lofanana kukula, akuti ankalandira K700,000, koma anachoka pakati pa 2023. Winanso amadziwana ndi mayi amene akuchoka pa udindo womwewu, akuti “amatenga 800”. Ndiye zikuoneka ngati ndi pakati pa 700 ndi 800, kutanthauza kuti pansi panga pa 930 sindifikapo. Ndingosiya?

Chikondi wa ku Zomba: Ya 700 ija ndi yakale. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Chulukitsani ndi 1.44, ikupatsani miliyoni ndi kakobiri pamwamba. Nkhani yatha.

Mayi Nachisale: A Chikondi akhoza theka. Nambala ya pakati pa 2023 singagwiritsidwe ntchito momwe ilili, zoona. Koma malipiro sanakwere ndi 44 peresenti paliponse. Mabungwe ena amene bajeti yawo ili m'madola anakweza bwino, ena anapereka kachigamba kochepa, ena anangoti zii. Choncho 700 ija lero ikhoza kukhala paliponse kuyambira cha m'ma 800 mpaka miliyoni. Mufunseni mnzanuyo ngati akudziwa amene analowa m'malo mwake, nambala ya lero ili kwa ameneyo.

Ya 800 ndiyo yandikoka mtima, chifukwa cha mawu oti “amatenga”. Munthu akamauza mnzake zomwe amatenga, kawirikawiri amanena zomwe zimalowa ku banki. Ngati 800 ndi neti, tibwerere chammbuyo. Inu pa gulosi ya 650 mumatenga 485. Kuti mufike 800 pakufunika 315 ina m'manja, kugawa ndi 0.65, ndi pafupifupi 485 ya gulosi. Kuphatikiza ndi 650, gulosi ya mayiwo ili cha m'ma K1,135,000. Koma ngati 800 ndi gulosi, ntchitoyo si yosamukira. Funso limodzi lokha, neti kapena gulosi, likusuntha nambala ndi ndalama yoposa K300,000. Musalembe kanthu musanalipeze yankho lake. Mufunsenso ngati mu 800 muli maalawansi a kumudzi, chifukwa mwezi wa maulendo ambiri munthu amaona ngati ndi malipiro ake, pamene pulojekiti ikachepetsa maulendo zimatha.

Tadala: Ndipo pofunsa musamuike munthu pakona. Anthu ambiri safuna kutchula malipiro awo, ena anasainira kuti asaulule. Ine ndimafunsa motere: “Munthu atalemba pakati pa miliyoni ndi 1.3, kumeneko amuseka kapena amuitana?” Amayankha mosavuta, chifukwa sanaulule kanthu. Muimbirenso wa zolemba anthu ntchito wa bungwelo, mufunse kuti udindowu uli pa giredi yanji pa sikelo yawo ndiponso ngati malipiro ndi ophatikiza zonse kapena pali besiki ndi maalawansi padera. Nambala mwina akana, koma zachipatala ndi giratuwite ambiri amayankha.

Limbani: Ine ndinali odita wa mabungwe ang'onoang'ono zaka zingapo, ndiwonjezere pa za bajeti zomwe a Tadala atchula, chifukwa pamenepo palinso msampha. Wina akakunong'onezani kuti mzere wa udindowo ndi K18 miliyoni pa chaka, musathamangire kugawa ndi 12 n'kumati 1.5 ndi yanga. Nthawi zambiri mzere umenewo ndi zonse zimene bungwe limawononga pa munthuyo. Muli 10 peresenti ya penshoni ya olemba ntchito, 1 peresenti ya TEVET, zachipatala, mwina ndi giratuwite. Mukachotsa zachipatala, tinene K100,000 pa mwezi, zotsalazo n'kugawa ndi 1.11, mutsala ndi pafupifupi 1.26 miliyoni. Limenelo ndi denga, osati poyambira. Nthawi zina zimatembenuka, donala mmodzi amangolipira theka la udindo, ndiye nambala imene mwaionayo imakhala theka la nkhani.

Masikelo a United Nations a ogwira ntchito a m'dziko muno ali poyera pa intaneti, koma musawatenge ngati muyezo wa bungwe la anthu khumi ndi awiri. Amangokusonyezani kumwamba kwa msika.

Yamikani: Ndaimba foni m'mawa uno. Wa ofesi yawo wakana kutchula nambala, koma akuti malipiro ndi ophatikiza zonse, zachipatala amalipira theka, giratuwite palibe koma penshoni ilipo. Uja wodziwana ndi mayi akuchokawo wabweranso, akuti 800 ndi ya ku banki, ndipo akhalapo zaka zisanu.

Mayi Nachisale: Tsopano muli ndi poima. Zaka zisanu zikutanthauza kuti 1.135 ili ndi zokwezakweza za chaka ndi chaka, wolowa kumene angamuyambitse pansipo. Ine ndikuona pakati pa 950 ndi 1.15. Bokosilo likalola mawu, lembani K1,050,000 mpaka K1,200,000 ndipo mulembe kuti ndi gulosi. Likafuna nambala imodzi, 1.15.

Limbani: Apo ine ndi mayi tisiyana pang'ono. Ukalemba nambala ziwiri, amamva yapansiyo basi. Ndipo 1.15 kwa wa dipuloma pamene pali a digiri pamzere omwe alembe 900, ndi kuika khosi pa mpeni. Ine ndikanalemba 1.05 yokha.

Tadala: Kusiyana kwa 1.05 ndi 1.15 ndi K65,000 m'manja mwezi uliwonse, a Limbani. Pa chaka ndi lendi ya miyezi pafupifupi inayi ku Area 25.

Madala Gondwe: Nanga kontirakiti ikatha chaka chamawa donala osabwereranso, ya ku Limbe ija adzakusungirani? Zimenezo mwaziika pati m'masamu anuwo?

Yamikani: Zimenezo sindinaziike paliponse, madala. Fomu ndadzaza zonse, latsala bokosi lomwelo.