Kodi emotivizimu imatseka mpata umene Hume anauona?

Anzanga amene munaphunzira filosofi ya makhalidwe, ndikupempha kuti mundiunikire yankho langa la mayeso oyeserera, chifukwa mphunzitsi wandibwezera pepala atangolemba mzere wofiira pansi pa ndime yomaliza osafotokoza chilichonse.

Funso linali lakuti, "Kodi emotivizimu imathetsa vuto la Hume?" Ndinayankha motere: "Mu 1740 David Hume anaona kuti olemba amayamba ndi kunena zimene zilipo, kenaka n'kulumphira pa zimene ziyenera kuchitika, osasonyeza kuti afikapo bwanji. Kunena kuti kuba kumasautsa mwini katundu sikutsimikizira pakokha kuti munthu sayenera kuba. Mu 1936 A. J. Ayer ananena kuti mawu akuti 'kuba n'koipa' si oona kapena onama, koma amangoonetsa kunyansidwa kwa wolankhulayo, monga achitira munthu akatsonya. Maganizo amenewa ndiwo emotivizimu. Choncho emotivizimu sitseka mpatawo, koma imalongosola chifukwa chake ulipo, pakuti kutsonya sikungatsimikizidwe ndi umboni."

Pamene pandivuta ndi pa chitsutso cha Peter Geach, chimene ndinangochitchula pomaliza osachiyankha. Tikati, "Ngati kuba n'koipa, kutuma mng'ono wako kukaba n'koipanso. Kuba n'koipa. Choncho kumutuma n'koipa," mfundozi zikutsatana bwinobwino. Komatu m'chiganizo choyamba, chifukwa cha liwu lakuti "ngati", wolankhulayo sakunyansidwa ndi kanthu, akungoyerekeza. Ayer atakhala wolondola, ndiye kuti "n'koipa" lasintha tanthauzo pakati pa ziganizo ziwirizo, ndipo kutsatanako kwasokonekera.

Kodi pamayeso ndivomereze kuti emotivizimu yagwa pamenepa, kapena ndiiteteze ndi maganizo a Simon Blackburn? Ngati ndi choncho, ndingawalembe bwanji m'ndime imodzi yokha?